Kodi Amasankha Unga Wathu Ndani?

Pali zinthu zimene timagula titaganiza masiku ambiri, monga foni kapena firiji, ndipo pali zina zimene dzanja limangotola lokha. Unga uli m'gulu laciwiri. Mwezi ukatha, munthu wa mu Lusaka amalowa m'sitolo, napita molunjika pa mulu wa matumba, nanyamula la makilogalamu 25 la dzina lomwe lija ananyamula mwezi watha. Mukamufunsa cifukwa cake adzati, "Ndiwo timadya kwathu." Yankho limeneli ndi loona, koma likubisa funso lalikulu. Ngati cizolowezi, cidaliro ndi mau a anzathu ndizo zimatsogolera dzanja lathu, kodi tinganene kuti tasankha ndife? Nanga kusankhako kukatidyera ndalama kapena thanzi, mlandu ukhala wa yani?

Ndasankha kukamba za unga cifukwa palibe nyumba imene ingati nkhaniyi siikhudza. M'tauni tili ndi mitundu iwiri yaikulu, bulekifasi ndi rola, ndipo yonse imacokera ku cimanga cimodzimodzi. Njere ya cimanga ili ndi mbali zitatu: khungu lakunja limene limasanduka gaga, kamtima kamene kamamera tikabzala, ndi mbali yoyera imene ndiyo yaikulu. Popanga bulekifasi, makina amacotsa khungu ndi kamtima pafupifupi zonse, kotero kuti pa makilogalamu 100 a cimanga pamatuluka unga wa makilogalamu 65 mpaka 70. Popanga rola amacotsako pang'ono cabe, ndipo pamatuluka makilogalamu opitirira 80. Mgaiwa wa ku cigayo ca m'komboni ndiwo sutaya kanthu kwenikweni. Apa mpamene pagona kusiyana kwa mtengo: bulekifasi imadula cifukwa cimanga cambiri capita ku gaga wa nkhuku ndi nkhumba. Koma m'khungu ndi m'kamtima muja ndimo muli mafuta, mavitamini a gulu la B, ayironi ndi zina zothandiza m'mimba kugaya bwino cakudya. Motero wogula bulekifasi amalipira ndalama zambiri kuti amucotsere mbali ina ya cakudya cake.

Munthu wongoyang'ana manambala angafulumire kunena kuti kumeneku ndi kupusa. Ine sindikuvomereza msanga, cifukwa cizolowezi ciliconse cinayamba ngati nzeru ya munthu wina pa nthawi yake. Kukonda nsima yoyera sikunabwere ndi makina a m'tauni. Kumidzi ya kum'mawa, amai amakonola cimanga mu mtondo, napeta gaga, naviika mphale m'madzi masiku angapo, naitsuka, naisinja, nayanika ufa pa mphasa. Nchito yonseyi imatenga masiku, ndipo nsima yoyera imene imatuluka pamenepo inali kuuza mlendo kuti, "Takuvutikirani cifukwa ndinu munthu kwa ife." Mgaiwa unali wa masiku othamanga kapena a njala, pamene panalibe nthawi yoviika kapena cimanga coti n'kutayako gaga. Palinso cifukwa cina ca m'khichini. Mafuta a m'kamtima aja amacititsa kuti unga usacedwe kununkha ndi kuwawa, makamaka nyengo yotentha, pamene unga woyera umakhala nthawi yaitali m'nyumba osasintha.

Tsono cizolowezi cili ndi mizu yabwino. Vuto lake ndi lakuti cimapitirira kulamula ngakhale zifukwa zimene zinacibala zitasintha. Unga woyera wa m'sitolo sunena cilicose za thukuta la mwini nyumba, pakuti anakonola ndi makina. Banja la anthu asanu ndi mmodzi limene limatsiriza thumba m'masabata awiri silifunika unga wokhalitsa miyezi itatu. Ndipo agogo amene anali kudya nsima yoyera anali ndi dimba, nsinjiro, nyemba, mbewa ndi zipatso za m'chire zobwezera zimene zinapita ndi gaga, pamene mwana wa m'komboni nthawi zina ndiwo zake ndi repu ya mcere ndi kadontho ka saladi. Cizolowezi ndi cigamulo cimene anapereka anthu ena pa mlandu wa masiku ao. Kucitsatira si kulakwa. Kulakwa kumayamba pamene tikana kuufunsanso mlanduwo ngakhale mboni zatsopano zitafika.

Kuti cizolowezi cimatha kupitirira zifukwa zake, taonani nkhani ya mtundu wa cimanga. Anthu amene anaona cilala ca 1992 amakumbukira cimanga cacikasu cimene cinabwera kucokera kunja kudzapulumutsa miyoyo. Kucokera pamenepo, kwa ambiri nsima yosayera inakhala cikumbutso ca njala ndi mizere ya cithandizo. Mu 2012 dziko lathu linatulutsa mbeu za cimanga ca mtundu wa lalanje, cimene cili ndi zopangira vitamini A yothandiza maso ndi citetezo ca thupi la ana. Nchito yoyamba ya olimbikitsa cimangaci inali kuuza anthu kuti si cimanga ca cilala cija. Maso anali atagamula kale mlandu lilime lisanalawe.

Tisanapite patali, tiyike ndalama pa tebulo. Mitengo ya unga imasintha kawirikawiri, conco manambala awa ndi ongoyerekezera. Tinene kuti bulekifasi ili pa K300 ndipo rola ili pa K250. Banja lija la anthu asanu ndi mmodzi limadya matumba awiri pa mwezi. Kusiyana kwake ndi K100 pa mwezi, kapena K1,200 pa caka. Ndalama imeneyi ingagule matumba a rola pafupifupi asanu, ndiye kuti nsima ya miyezi iwiri ndi masiku ena pamwamba. Kwa munthu wa malipiro aakulu, K100 ndi ndalama ya mafuta a galimoto a tsiku limodzi. Kwa mlonda kapena wogulitsa tomato, ndi kusiyana kwa pakati pa mwana wodya dzira kawiri pa sabata ndi mwana wosalidya konse. Ngati banja lotere lalawa mitundu yonse iwiri, nilipeza kuti nsima ya bulekifasi ndiyo imawakomera, ndipo lavomera kulipira K1,200 pa caka cifukwa ca kukomako, palibe amene angaliweruze. Munthu ali ndi ufulu wolipira cimene cimamukondweretsa. Funso ndi lakuti, kodi ndi kukoma kumene akulipira, kapena ndi cinthu cina?

Kuti tiyankhe, tiyenera kusiyanitsa zinthu zitatu zimene wogula angadziwe za unga. Coyamba ndi zimene angaone asanalipire: mtengo, kuyera, tsiku lolembedwa pa thumba, msoko ngati sunasokedwenso kaciwiri, fungo, ndiponso ngati mulibe zibuma, anankafumbwe kapena tiulusi ta mphutsi. Caciwiri ndi zimene angadziwe ataphika: ngati ungawo umagwira msanga mu poto, ngati nsima yake imakhalitsa m'mimba, ngati siwawa. Cacitatu ndi zimene sangadziwe ngakhale atadya thumba lonse: kuculuka kwa zomanga thupi, ndiponso ngati mulibe poizoni wosaoneka. Cizolowezi cimatithandiza pa mbali yaciwiri, pakuti ndico cikumbukiro ca mapoto onse amene tinaphikapo. Pa mbali yacitatu cilibe mphamvu. Pamenepo sitingacitire mwina koma kudalira munthu wina.

Caka ca 2024 cinationetsa kulemera kwa mbali yacitatu imeneyi. Mvula inakana, ndipo mu Febuluwale boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Mu Ogasiti, nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga coipa, ndi kuti pa zitsanzo 25 zotengedwa ku makampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoni wochedwa afulatokisini wopitirira muyezo. Poizoni ameneyu amacokera ku cuku cimene cimagwira cimanga ndi nshawa zofooka ndi cilala kapena zosungidwa zisanaume bwino. Amawononga ciwindi. Kuphika sikumucotsa, ndipo unga umene ali nao ungathe kuoneka woyera bwino, wopanda fungo lililonse. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Koma nkhuyu mungathe kuing'amba ndi cala n'kuona nyererezo. Afulatokisini amaoneka m'labotale mokha.

Ndiyenera kuonjezapo apa kuti nkhani imeneyi siikomera rola kapena mgaiwa. Poizoni wa cuku amakonda kuunjikana m'khungu ndi m'kamtima, motero kukonola ndi kuviika kumene anali kucita agogo kumam'cepetsako. Wotengera cimanga cake ku cigayo ayenera kuyamba wasankhula njere zoola, zosweka ndi zosintha mtundu. Palibe mtundu wa unga umene ungatimasule ku funso lakuti cimanga cake cinali cotani.

Anthu ambiri amene anagula unga m'miyezi imeneyo anacita zonse zimene munthu wanzeru angacite. Anagula dzina limene analidziwa zaka zambiri, m'sitolo yooneka bwino, thumba losokedwa bwino. Kodi analakwa kudalira? Ndikuti sanalakwe. Munthu amene sadalira aliyense sangadye cakudya ca m'tauni, cifukwa sanalime, sanakolole, sanagaye. Moyo wa m'tauni wonse waima pa kudya zimene anakonza anthu amene sitinawaonepo. Koma tiyenera kudziwa cimene dzina la pa thumba limalonjeza. Dzina ndi cikole. Kampani imene yagulitsa unga zaka makumi atatu ili ndi zambiri zoti itaye ikatinamiza, ndipo mantha amenewo ndiwo amatiteteza. Cikoleco cimagwira nchito pokhapo ngati colakwa cingathe kuululika, ndiponso ngati ife tili okonzeka kulisiya dzinalo cikaululika. N'cifukwa cake mabungwe monga Zambia Compulsory Standards Agency, imene imayang'anira miyezo ya katundu, ndi Zambia Metrology Agency, imene imayesa masikelo ndi kulemera kwa katundu wopakidwa, si zokongoletsa boma. Ndiwo maso a wogula pamalo pamene maso ake safika. Pamene zotsatira za kupima zalengezedwa poyera ndipo msanga, cidaliro cathu cili ndi maziko. Pamene zabisidwa, cidaliro cimasanduka kungoyembekezera mwai.

Apa ndipo pali yankho loyamba la funso la mlandu. Pa zinthu zimene wogula sangathe kuona, mlandu ndi wa amene angathe kuona: wogaya amene amalandira cimanga pa geti, ndi wopima amene ali ndi makina. Kuuza mai wa ku Kanyama kuti "muzisamala pogula" pa nkhani ya poizoni wosaoneka ndi kumusenzetsa katundu wa eni ake. Mbali yake iye ndi yocepa koma ndi yeniyeni: kumvetsera zikalengezedwa, ndi kulola kusiya dzina limene analikonda. Wopitiriza kugula dzina lopezeka ndi mlandu cifukwa cakuti "ndiwo timadya kwathu" wacotsa yekha cikole cija, ndipo waphunzitsa wogaya kuti kunyenga kulibe mtengo.

Pali mtundu wina wa cidaliro umene supezeka m'masitolo akuluakulu, koma pa kantemba. Mabanja ambiri m'makomboni sagula thumba. Amagula pamela, kaunga komangidwa m'kapulasitiki kokwanira cakudya cimodzi kapena ciwiri. Tiyerekezenso ndi manambala. Thumba la K300 likutanthauza K12 pa kilogalamu. Ngati pamela wa theka la kilogalamu agulitsidwa K10, ndiye kuti kilogalamu yafika pa K20, ndipo makilogalamu 25 ogulidwa motere adya K500. Wosauka walipira K200 kuposa wolemera pa unga womwewo. Sikuti sadziwa masamu. Ndalama zake zimabwera tsiku ndi tsiku, ndipo K300 siinayambe yakhalapo pamodzi m'thumba mwake. Kuonjeza apo, mwini kantemba amamudziwa, amadziwa ana ake, ndipo tsiku limene pikisiweki yasowa amamupatsa pamela nalemba m'kabuku. Sitolo yaikulu ilibe kabuku kotere.

Ubale umenewu ndi wamtengo wapatali, ndipo wasunga ana ambiri kuti asagone ndi njala. Koma uli ndi ngozi yake. Pamela alibe dzina, alibe tsiku, ndipo kawirikawiri sayesedwa pa sikelo, amangopimidwa ndi kapu kapena mbale. Mtengo wa thumba ukakwera, wogulitsa angathe kusiya mtengo wa pamela pomwepo n'kucepetsa kapuyo. Mai wophika amazindikira msanga, cifukwa nsima imene inali kutuluka mitanda isanu yayamba kutuluka inai. Koma adzadandaula bwanji kwa munthu amene ali ndi dzina lake m'kabuku ka nkhongole? Adzapita bwanji pa kantemba kena, mwini nkhongole akumuona? Cidaliro cimene munthu sangathe kucibweza cafanana ndi cingwe. Ndipo apanso mlandu waukulu uli kwa amene ali ndi mphamvu. Wogulitsa amene amakweza mtengo poyera, nanena kuti, "Amai, unga wakwera, pamela tsopano ndi K12," wasunga ulemu wa kasitomala wake. Wocepetsa kapu mwakacetecete wagwiritsa nchito cikondi ca mnansi wake ngati cida comubera.

Tsopano tifike pa mau a anzathu, amene ndiwo ovuta kwambiri pa zitatuzi, cifukwa amabwera m'mitundu iwiri yovala malaya ofanana. Mtundu woyamba ndi umboni. Mnzanu wa ku nchito akakuuzani kuti, "Unga uja musagule, ndinaphika dzulo, ukuwawa," wakupatsani cinthu cimene anacipeza ndi lilime lake, ndipo wakupulumutsirani K300. Umboni wotere ndi wabwino koposa malonda a pa wailesi, pakuti mnzanuyo sapindula kanthu mukagula kapena mukaleka, ndipo mawa mudzakumananso. Safunsa anadya phula. Mtundu waciwiri ndi ciweruzo. Mnyamata wa wilibala akamatsitsa thumba pakhomo, ndiye wina pa mpopi n'kunena motsitsa mau kuti, "Aneba afika pa rola, zinthu zavuta," sananene cilicose cokhudza unga. Wanena za munthu. Sanalawe nsima ya m'nyumbamo, ndipo mwina sanadyepo rola zaka khumi.

Njira yosiyanitsira mitundu iwiriyi ndi yapafupi. Dzifunseni kuti, mau amenewa angakhalebe ndi nchito ngati thumba litabwera usiku, lopanda dzina, popanda woliona? "Ukuwawa" adzakhalabe oona ngakhale mumdima. "Zinthu zavuta" amafa pomwepo pakasowa woonerera. Pali mabanja amene amathira rola m'cidebe cotseka n'kubisa thumba lake, kapena kusakaniza rola ndi bulekifasi kuti nsima iyereko pakabwera alendo. Mabanja amenewa alawa, ayerekeza, ndipo asankha bwino lomwe. Cimene akubisa ndi umboni wa kusankha kwao. Ena safika n'pomwe pa kulawa, cifukwa mtengo wa kuonedwa utanyamula thumba lolakwika ndi waukulu kuposa K50. Kwa iwo, K1,200 ija ya pa caka si mtengo wa kukoma. Ndi msonkho wa manyazi, ndipo okhometsa ake ndi anansi.

Mwina wina anganene kuti mankhwala ake ndi osavuta: munthu asamasamale zokamba anthu. Uphungu umenewu umamveka bwino pakamwa pa munthu amene ulemu wake uli kale pa malo otetezeka. Dokotala akagula rola, anthu amati akusamala shuga. Mlonda akagula rola yomweyo, amati wasauka. Adam Smith, m'buku lake la 1776 lonena za cuma ca maiko, anaona kuti zofunika pa moyo si zokhazo zoletsa munthu kufa, koma ndi zimenenso mwambo wa dziko umacititsa kuti munthu wosakhala nazo acite manyazi pagulu. Citsanzo cake cinali malaya a bafuta: Agiriki ndi Aroma akale anakhala bwino popanda malayawo, koma wanchito wa m'masiku ake sakanatha kuonekera pa anthu alibe. Manyazi si matenda a m'mutu. M'komboni, mbiri ya banja ndi cuma. Ndiyo imagamula ngati adzakulandirani m'cilimba, ngati mwini nyumba adzakudikirani lendi ikacedwa, ngati mwana wanu adzasekedwa ku sukulu. Amene amalipira K100 pa mwezi kuti asaoneke ngati akugwa angakhale akuteteza cinthu ceniceni.

Ngati ndi tero, kulalikira wogula yekha n'kuphonya pamene pali bala. Mbiri ya dziko lathu ikusonyezanso kuti si wogula amene anayamba kulemba mzere pakati pa matumba awiriwa. Mu Disembala 1986, boma la a Kenneth Kaunda linacotsa cithandizo ca mtengo pa bulekifasi n'kucisiya pa rola, poganiza kuti opeza bwino alipire mtengo wonse ndipo osauka atetezedwe. Mtengo wa bulekifasi unakwera kuposa kawiri. Koma rola inasowa m'masitolo, ndipo anthu a m'matauni a ku Migodi, monga Kitwe ndi Ndola, anapezeka kuti unga wochipa kulibe, wodula sangaukwanitse. Kunabuka zipolowe, anthu anafa, ndipo boma linabweza cigamulo cake n'kulanda zigayo zikuluzikulu. Tikuphunzirapo ziwiri. Coyamba, kusankha kumafuna kuti zinthu zonse ziwiri zikhale pa shelefu. Pamene palibe, kukamba za khalidwe la wogula n'kutaya nthawi. Caciwiri, maganizo akuti thumba ili ndi la olemera ndipo ilo ndi la osauka analowa ngakhale m'malamulo a mitengo. Mnansi wa pa mpopi uja akubwereza phunziro limene dziko lonse linam'phunzitsa.

Komabe kubwereza phunziro loipa sikumucotsera mlandu. Apa ndipo pali mfundo imene ndikufuna kuisiya m'manja mwa owerenga. Tikamakamba za mphamvu ya anzathu pa kugula, aliyense amadziona ngati wopanikizidwa. Palibe amene amadziona ngati wopanikiza. Koma "anthu" amene timaopa kuti adzakamba si mizimu. Ndi ife tomwe, pa tsiku limene thumba lili pakhomo la wina. Munthu mmodzimodziyo amene amabisa thumba lake Lolemba ndiye amayang'anitsitsa la mnzake Lacisanu. Monga wogula, mphamvu zanga ndi zocepa: sindingapime poizoni, sindingasinthe mtengo, ndipo mwina sindingakwanitse kunyoza maso a anthu. Monga mnansi, mphamvu zanga ndi zonse. Palibe amene amandikakamiza kuseka. Kusaseka sikundidyera ngwee ngakhale imodzi.

Ndipo udindo umenewu umakula molingana ndi ulemu umene munthu ali nao. Amene mbiri yake siingagwedezeke ndi thumba la unga, monga mphunzitsi, namwino, m'busa kapena mkulu wa cilimba, ndiye angathe kunyamula rola masana dzuwa likuswa mtengo, ngati ndiyo imamukomera, n'kuphikira alendo popanda kupepesa. Sakucita zimenezi kuti aphunzitse anthu kudya. Akungocotsako njerwa imodzi pa khoma limene limatsekereza ena kusankha momasuka. Cimodzimodzinso, amene amakonda bulekifasi adye bulekifasi yake mosangalala, koma asaisandutse sikelo yoyezera anthu. Ana amamva zonsezi. Mwana amene wamva amai ake akuseka nsima ya kwa aneba adzapita nako kuseka kumeneko ku sukulu pa nthawi yotsegula zikhafu, ndipo mwana wosekedwayo adzabwerera kunyumba kukapempha makolo ake kuti alipire msonkho uja.

Tibwerere ku funso lathu. Kodi kusankha n'kwathu? Palibe munthu amene amasankha yekha kuyambira pa ciyambi, ndipo sitiyenera kulakalaka zimenezo. Cizolowezi ndi nzeru yobwereka kwa akale, cidaliro ndi maso obwereka kwa odziwa, umboni wa anzathu ndi lilime lobwereka kwa olawa. Kubwereka si ukapolo ngati wobwereka akudziwa cimene wabwereka, kwa yani, ndiponso ngati angathe kubweza cikapanda kum'thandiza. Kusankha kumakhala kwathu pamene tingathe kuchula cifukwa cokhudza ungawo, osati cokhudza otiona, ndiponso pamene pali cinthu cimene cikanatisinthitsa maganizo cikanacitika. Wonena kuti, "Ndimagula uwu cifukwa umagwira bwino, koma ukayamba kuwawa kapena akaupeza ndi poizoni ndidzausiya," wasankha. Wonena kuti, "Sindingaonedwe ndi thumba ilo," ena am'sankhira.

Kuyesa kwake sikufuna labotale. Gulani pamela mmodzi wa rola ndi mmodzi wa bulekifasi, kapena wa dzina lanu la masiku onse ndi wa dzina lina lochipa. Wina aphike mapoto awiri kukhichini, ndipo a m'nyumba alawe atatsinzina, osauzidwa kuti mtanda uwu wacokera m'poto uti. Mwina banja lonse lidzaloza unga wao wakale, ndipo kuyambira tsikulo adzaugula akudziwa cimene akulipira. Mwina ana adzaloza winawo. Zikatero padzatsala funso limodzi lokha, ndipo silidzakhalanso la unga: kodi tikuopa maso a yani, ndipo ndani akuopa athu?